Tsitsi Likayamba Kuthothoka, Werengani Miyezi Itatu M'mbuyo

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira monga mukudziwira kuzizira kwa Dowa, ndipo ine ndinali ndi ophunzira anga a unamwino pa sikelo ya ana m'dera la Mponela. Mayi wina wachitsikana, wochokera kumudzi wina cha ku msewu wa ku Ntchisi, anabayitsa mwana wake katemera koma sananyamuke. Anadikira mpaka mzere wonse utatha. Kenako anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kajumbo, ndipo m'kajumbomo munali tsitsi lodzaza dzanja.

“Amayi, limeneli ndi langa,” anatero chapansipansi. “Ndamasula mutu dzana, lonseli n'kutsalira m'chipeso. Apongozi akuti ndi tsempho. Anzanga akuti mwanayu akundiyamwa magazi, ndimuletse bere. Bambo akunyumba sakunena kanthu, koma ndikuona mmene akundiyang'anira.”

Ndinamufunsa funso limodzi lokha: “Mwana wanga, unachira liti?” Anati kumayambiriro kwa Malichi. Tinawerenga limodzi pa zala, Epulo, Meyi, Juni, ndipo pamenepo theka la yankho linali litapezeka kale.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu munaonapo zimenezi, kaya pamutu panu, pa mwana wanu wamkazi kapena pa mpongozi wanu. Ku chipatala vutoli timalitcha telojeni efuluviyamu. Dzinali analipereka dokotala wa matenda a pakhungu wa ku Amereka, Albert Kligman, m'chaka cha 1961, ndipo tanthauzo lake n'lakuti tsitsi lomwe linali kupumula likuyoyoka. Dzinalo mungathe kuliiwala. Chimene ndikufuna musaiwale ndi ichi: chomwe chikuthothola tsitsi lero sichinachitike lero kapena dzulo. Chinachitika miyezi iwiri, itatu kapena inayi yapitayo, ndipo nthawi zambiri chinatha kale.

Mmene tsitsi limakhalira pamutu

Pamutu pa munthu pamakhala tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo lililonse lili ndi kamuzu kakekake mkati mwa khungu. Kamuzu kameneka sikagwira ntchito mosalekeza. Kamatulutsa tsitsi kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, kenako kamaima. Kakaima, tsitsi lija siligwa tsiku lomwelo. Limangokhala mmenemo, losakula, kwa miyezi pafupifupi itatu. Ikatha miyezi imeneyi kamuzu kamadzuka, kamayamba tsitsi latsopano pansi, ndipo lakale lija limasomphoka n'kugwa.

Timizu timeneti sitipumula tonse nthawi imodzi. Zili ngati mayi wanzeru wa kudimba amene safesa mpiru wonse tsiku limodzi, kuti pamene bedi lina likutha lina likhale likuyamba. Mwa tsitsi 100 lililonse, pafupifupi 85 mpaka 90 limakhala likukula, ndipo 10 kapena 15 lokha ndilo limakhala likupumula. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi lokwana 50 mpaka 100 tsiku lililonse koma mutu wake suoneka kusintha.

Tsono thupi likakumana ndi chinthu chachikulu, monga kutentha thupi kwambiri, kutaya magazi ambiri, opaleshoni kapena njala, limachita zomwe mumachita inu pakhomo chimanga chikachepa m'nkhokwe: limayamba kusamalira zofunika zokhazokha. Mtima, ubongo ndi chiwindi sizingadikire. Tsitsi lingathe kudikira. Choncho timizu tambiri, mwina 30 mwa 100 tilitonse, nthawi zina kuposa pamenepo, timaima pamodzi. Mwini mutu saona kalikonse, pakuti tsitsi loima lija likadali pamalo pake. Amachira, amabwerera kumunda, amaiwala kuti anadwala. Miyezi itatu ikakwana, tsitsi lonse lomwe linaima pamodzi lija limagwanso pamodzi.

Apa ndi pamene pamasokonekera anthu. Munthu amafuna chifukwa pafupi: sopo amene wagula sabata yatha, mtsikana wa ku saluni, mnzake amene anakangana naye pa mjigo. Za malungo a mwezi wa Febuluwale palibe amene amazikumbukira mu Meyi, pamene aliyense ali pa kalikiliki wokolola ndi kusankha fodya. Chonsecho kuno kwathu malungo aakulu ndi njala zimakumana m'miyezi yomweyo ya dzinja, Januwale mpaka Malichi, ndipo tsitsi limadzalipira ngongoleyo nthawi ya masika. Tayifodi ndi chibayo chachikulu zimachitanso chimodzimodzi. Kovidi-19 atavuta kuno kumayambiriro kwa 2021, ena mwa omwe anachira anaona tsitsi likuyoyoka patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo madokotala a m'mayiko ambiri anaona zomwezo.

Nkhawa nayo ingathe kuchititsa zimenezi, koma sindikunena nkhawa ya tsiku ndi tsiku ya mchere ndi sopo, yomwe ikanakhala yothothola tsitsi bwenzi tonse tili ndi dazi. Ndikunena zinthu zogwedeza munthu yense: imfa ya mwamuna kapena mwana, kutha kwa banja, kulandidwa katundu pambuyo pa maliro. Mayi wotere nthawi zambiri sadya bwino, sagona, amaonda, ndiye zifukwa zimakhala zitaunjikana. Ndipo ndinene poyera kuti mwa anthu atatu a vutoli, mmodzi timafufuza mpaka kutopa osapeza chomwe chinayambitsa, koma tsitsi lake limabwererabe.

Mayi amene wachira kumene

Kwa mayi woyembekezera nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Pa nthawi ya pakati, thupi limakhala ndi michere yambiri yotchedwa esitirojeni, ndipo michereyi imachedwetsa timizu kupumula. Tsitsi lomwe likanagwa m'miyezi imeneyo limakhalabe pamutu. Paja mumanena kuti uje mimba yamukonda, tsitsi lachita kudzaza. Mwana akabadwa ndipo nsengwa ikatuluka, michere ija imatsika m'masiku ochepa okha, ndipo timizu tonse tomwe tinachedwa tija timapumula nthawi imodzi. Kuthothoka kumayamba mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo kawirikawiri kumafika pachimake cha m'mwezi wachinayi. Zambiri mwa zomwe mayi akutaya pamenepa ndi tsitsi lomwe anangosungirana nalo pa nthawi ya mimba.

Kuyamwitsa sindiko kumathothola tsitsi. Mayi amene sakuyamwitsa naye limathothoka, ngakhalenso amene wapita padera mimba itakula. Kumuletsa mwana bere pa miyezi itatu sikubweza tsitsi ngakhale limodzi, koma kumamuika mwanayo pa ngozi ya kutsegula m'mimba ndi kunyentchera. Ndimakwiya ndikamva kuti mwana wachotsedwa kubere chifukwa cha chipeso. Inu amene mumalangiza ana aakazi ndi apongozi anu, pamenepa limbanipo. Mwana ayamwe bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, tsitsi likugwa kapena ayi.

Za tsempho ndi mdulo sindikufuna kukangana ndi apongozi a munthu. Ndimangowapempha kuti tiwerenge limodzi miyezi, ndi kuti akumbukire amayi onse amene anasunga mwambo uliwonse koma tsitsi lawo linapepukabe mwana atayamba kuseka. Choopsa cha mawu amenewa n'chakuti amaloza chala munthu, kawirikawiri mwamuna kapena mayi mwiniwakeyo, ndipo banja limatekeseka pa chinthu chomwe chilibe wolakwa.

Zomwe tinachita ndi kajumbo kaja

Tibwerere kwa mayi wa pa sikelo uja, chifukwa zomwe tinachita tsiku limenelo ambiri mwa inu mungathe kuzichita panokha musanapite n'komwe ku chipatala.

Choyamba ndinamufunsa kuti mutu unakhala womanga nthawi yaitali bwanji. Anati masabata asanu ndi limodzi. Apa pali chinthu chomwe mabuku ambiri olembedwa kunja sanena, chifukwa amalembera anthu opesa tsiku ndi tsiku. Tsitsi lathu likasomphoka siligwa pansi. Limakodwa m'linzake, makamaka mutu ukakhala woluka. Masabata asanu ndi limodzi ndi masiku 42. Munthu wopanda vuto lililonse, wotaya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, pomasula mutu wotere adzapeza tsitsi lapakati pa 2,100 ndi 4,200 nthawi imodzi. Ndi mulu woopsa kuuona. Choncho mulu wa tsiku lomasula mutu si umboni pawokha. Funso ndi lakuti, kodi muluwo waposa kwambiri umene mumauona nthawi zonse mukamasula, ndipo kodi likupitirira kugwa masiku otsatira, posamba, popesa, papilo ndi m'duku? Mayi uja anati inde, mulu wake unali wowirikiza katatu, ndipo linali likugwabe.

Chachiwiri, tinayala nsalu yoyera pathebulo n'kutengapo tsitsi lingapo la m'kajumbomo. Tsitsi la telojeni efuluviyamu limatuluka lathunthu, lalitali monga linalili pamutu, ndipo kunsonga yomwe inali m'khungu kumakhala kampira kakang'ono koyererako, kouma, kocheperapo kuposa kambewu ka mpiru. Mukalipititsa pakati pa zala mumakamva. Amayi ambiri akaona kampirako amalira kuti muzu wazuka. Ayi, umenewo si muzu. Muzu weniweni watsala m'khungu, wamoyo, ndipo kampirako ndi chizindikiro chakuti tsitsilo linamaliza nthawi yake yopumula. Koma mukapeza tizidutswa tatifupitifupi topanda kampira, ndiye kuti tsitsilo silikuzuka, likuduka. Kuduka kumabwera chifukwa cha mankhwala owongola tsitsi, kuwotcha, kapena kupesa mwankhanza tsitsi louma, ndipo mankhwala ake ndi kusiya zomwe zikulidulazo.

Chachitatu, tinayang'ana khungu la pamutu poyera, panja. Linali losalala, lopanda zilonda, nkhanambo kapena mafinya. Tsitsi linali litapepuka mutu wonse, kwambiri m'mbali mwa mphumi chakumtunda kwa makutu, koma panalibe malo ngakhale amodzi oyereratu. Kenako ndinagwira katsitsi kochuluka ngati 50 pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono, osati motswanya. Kwa munthu wabwino pamatsalira limodzi, awiri kapena atatu. Kwa iye panatsalira oposa khumi, paliwombo, m'mbali ndi kunkhongo komwe, onse okhala ndi kampira. Kuyesa kumeneku kumanama ngati munthu wangosamba mutu kapena wangopesa, chifukwa losomphoka limakhala litachoka kale.

Ndinamuonanso zikhadabo. Matenda aakulu nthawi zina amasiya kamzere kolowa kopingasa pachikhadabo, chifukwa nacho chimaima kukula masiku amene munthu ali gone. Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita atatu pamwezi, ndiye kamzereko kamayenda pang'onopang'ono kupita kunsonga ngati kalendala. Iye anali nako cha pakati. Nditafunsa, anakumbukira kuti mu Epulo, mwana ali ndi mwezi umodzi, anagonekedwa masiku atatu ndi malungo. M'buku lake la kuchipatala munalembedwanso kuti anataya magazi ambiri pobereka. Zifukwa zinali zitatu tsopano: kubereka, kutaya magazi, ndi malungo. M'maso mwake ndi m'manja munali moyera, ndipo anavomera kuti akakwera kachitunda kochokera kudambo amachita phuma ndi chizungulire. Titamuyeza magazi, himogulobini inali 9.5. Mayi amene sali woyembekezera amayenera kukhala ndi 12 kapena kuposa.

Ndinamuuza zoona zokhazokha. Ndinati tsitsi lipitirira kugwa, mwina kuposa mmene likugwera pano, chifukwa la malungo a mu Epulo lidzagwa cha mu Julaye. Palibe mankhwala amene angaimitse tsitsi lomwe linasiya kale kukula. Koma dazi sachita, pakuti vutoli kawirikawiri silichotsa ngakhale theka la tsitsi la pamutu. Chomwe tingakonze ndi magazi, kuti latsopanolo lipeze chomera nacho.

Kuchira kumatenga nthawi yaitali bwanji

Ili ndi funso lomwe aliyense amafunsa, ndipo lili ndi mayankho awiri omwe anthu amawaphatikiza n'kukhumudwa pachabe. Kusiya kuthothoka ndi nkhani ina, kubwerera kwa mutu mwakale ndi nkhani inanso.

Kuthothoka kwenikweniko kumatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuchokera pamene kunayamba, ngati choyambitsacho chinatha. Sikuima tsiku limodzi. Mumangoona kuti chipeso chayamba kutuluka chopepuka. Kwa mayi wa mwana wakhanda, buku la sikelo ndi kalendala yabwino: tsitsi limayamba kugwa cha pa katemera wa masabata 10 kapena 14, ndipo pofika katemera wa chikuku wa miyezi 9 limayenera kukhala litasiya kapena litachepa kwambiri.

Kubwerera mwakale ndiko kochedwa, ndipo chifukwa chake ndi masamu chabe. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo lathu la anthu akuda limachedwerapo pang'ono, silifika bwino sentimita yathunthu. Pamwamba pa apo limapotana, ndiye limaoneka lalifupi kuposa mmene lilili mpaka mutalikoka. Tsitsi lomwe layamba kumera mu Julaye, pofika Disembala limakhala lotalika ngati kamtengo ka machesi. Kuti lifike masentimita 10, oti n'kulukika bwino pamodzi ndi linzake, pafunika chaka chathunthu kapena kupitirirapo. N'chifukwa chake timati mayi wobereka ayembekezere mutu wake kudzaza mwana akamakwanitsa chaka, ndipo ena mpaka chaka ndi theka. Amene anali ndi tsitsi lalitali amadikira kuposa wa lalifupi. Ndiponso musayerekeze ndi mutu wa nthawi ya mimba, uja unali wobwereka.

Chizindikiro choyamba cha kuchira chimaoneka pamphumi. M'mphepete mwa tsitsi mumatuluka timatsitsi tatifupi, tofewa, toimirira, tokana kugona ngakhale mutadzola mafuta. Ambiri amaganiza kuti ndi tsitsi loduka. Likokeni pang'ono muone nsonga yake: latsopano limathera mosongoka, loduka limathera ngati lodulidwa ndi sizasi.

Kuthothoka kukapitirira miyezi isanu ndi umodzi osachepa, pamenepo tisangodikira. Kawirikawiri ndiye kuti choyambitsa sichinathe, kapena chabwera china pamwamba pa choyamba. Chomwe ndimachipeza kwambiri ndi kuchepa kwa magazi ndi ayironi: mayi wobereka pafupipafupi, wosamba kwambiri mwezi ndi mwezi, wodwaladwala malungo, kapena wodya nsima ndi masamba okhaokha miyezi yambiri. Alipo amayi ena, makamaka a zaka za pakati pa 30 ndi 60, amene tsitsi lawo limagwa n'kusiya, kugwa n'kusiya kwa zaka zingapo popanda matenda ena. Nawonso sachita dazi, koma ayenera kuyezedwa kaye tisanawaike m'gulu limeneli.

Magazi, chakudya ndi ndalama zanu

Mayi uja tinamupatsa mapiritsi a ayironi, omwe aja amapatsidwa ku sikelo ya amayi oyembekezera. Ambiri amawasiya tsiku lomwe achira, ena amawasiya chifukwa amadetsa chimbudzi, amadzimbitsa kapena amachititsa nseru. Chimbudzi chakuda si choopsa kwa amene akumwa mapiritsiwa. Nseru imachepa mukamwa mutadya pang'ono kapena pogona. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Siyanitsani ndi maola awiri. Ndipo musasiye pamene mwayamba kumva mphamvu. Magazi akabwerera pamlingo wake timapitiriza miyezi inanso itatu kuti nkhokwe ya ayironi m'thupi idzaze, pakuti tsitsi limadya zotsala ziwalo zina zikakhuta. Mapiritsiwa asungeni patali ndi ana: mwana akameza ambiri angathe kufa. Komanso musagule n'kumamwa musanayezedwe, poti ayironi sathandiza tsitsi la munthu amene sakumusowa.

Tsitsi limapangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Kuno ku Dowa ndi Ntchisi timalima mtedza, soya ndi nyemba zambiri, koma ndaona makomo ambiri akugulitsa zonse kwa mavenda pa Mponela mwezi wa Meyi, mayi woyamwitsa n'kutsala ndi nsima ya mpiru wowiritsa. Sungankoni thumba la pakhomo. Nsinjiro m'ndiwo ndi m'phala, nyemba, dzira, usipa kapena matemba, chiwindi pamene chapezeka, bonongwe, chisoso ndi khwanya, zonsezi zimaposa botolo lililonse la mumsika. Chipatso chowawasa monga gwafa, lalanje kapena malambe chikadyedwa pamodzi ndi chakudya chimathandiza ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba kulowa. Ndipo mtsikana amene akudzimana chakudya kuti mimba ibwerere msanga atabereka adziwe kuti kuonda mofulumira nako kumayambitsa vuto lomweli.

Za mafuta ndi mankhwala omeretsa tsitsi ndinene mosabisa. Mayi amagula botolo mwezi wachinayi wa kuthothoka, amadzola, patapita miyezi iwiri tsitsi limasiya kugwa, ndipo iye amachitira umboni botololo kwa gulu lonse. Chonsecho likanasiya lokha. Mafuta wamba, kaya a nsatsi, amafewetsa tsitsi kuti lisaduke, ndipo pamenepo ndi abwino, koma sadzutsa muzu nthawi yake isanakwane. Kumeta mpala nakonso sikufulumizitsa kanthu. Amene akufuna kumeta kuti asamaone tsitsi m'chipeso amete, palibe cholakwika, koma lidzamera pa liwiro lomwelo. Ena amaleka kusamba mutu poopa kuti madzi ndiwo akuthothola. Lomwe likugwa posamba linali litasomphoka kale, ndipo mutu wosasamba umangowonjezera kuyabwa.

Chomwe chingawononge zenizeni pa nthawi imeneyi ndi kumanga mutu mokoka. Mayi akaona m'mbali mwapepuka amathamangira meshi kapena ulusi womangitsa kuti abise, ndipo timatsitsi tatsopano tija timakokedwa tisanalimbe. Telojeni efuluviyamu imachira yokha, koma muzu womwe wakokedwa zaka ndi zaka umafa, ndipo pomwe wafa sipameranso. Mwaonapo amayi amene mphumi yawo inasunthira m'mbuyo mpaka kufika pakati pa mutu. Kumanga kulikonse kopweteka, kotulutsa tiziphuphu m'mphepete kapena kokulepheretsani kugona usiku woyamba, n'kothina kwambiri. M'miyezi imeneyi lukani zikuluzikulu zomasuka, pesani ndi chipeso cha mano otalikirana tsitsi lili lonyowa pang'ono, ndipo mankhwala owongola aimeko kaye mpaka kuthothoka kutasiya. Duku ndi wigi zilibe vuto malinga zisakhale zothina pamphumi.

Pali kanthu kena kakang'ono koma koopsa kwa amene muli ndi makanda. Tsitsi lalitali logwa, kapena ulusi wa meshi, lingathe kukulunga kachala ka mwana ka kuphazi kapena ka kumanja, ngakhale kamaliseche ka mwana wamwamuna, n'kumanga magazi. Mwana akamalira osatonthola popanda chifukwa chooneka, muvuleni masokosi muone zala chimodzichimodzi. Kachala kakatupa ndipo tsitsilo lalowa m'khungu, thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo.

Pamene si nkhani yodikira

Si kuthothoka konse kumene kuli kwa mtundu umenewu, ndipo sindifuna kuti wina akhale pakhomo miyezi isanu ndi umodzi akuwerenga zala pamene akufunika mankhwala. Telojeni efuluviyamu imapepula mutu wonse ndipo khungu limakhala labwino. Mukaona malo ozungulira oyereratu ngati ndalama yachitsulo, kapena malo a nkhanambo, oyabwa, a mafinya monga chipere cha ana, imeneyo ndi nkhani ina. Chimodzimodzi paliwombo pakamayera pang'onopang'ono, khungu n'kumawala, kumapweteka kapena kunyerenyetsa: mtundu umenewu umapha mizu, umakonda amayi akuda, ndipo kuchedwa kumataya tsitsi losabwereranso. Tsitsi lothothoka timalo tating'onoting'ono ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, makamaka pakakhala zidzolo m'manja ndi kumapazi, lingathe kukhala chindoko, chomwe chimachira ndi jakisoni akalandira onse awiri, mayi ndi bambo.

Kwa mayi amene wabereka chaka chisanathe, pali zinthu ziwiri zomwe azamba timaziyang'anira. China ndi chithokomiro, chomwe mwa amayi ena chimasokonekera pambuyo pobereka: mtima kuthamanga, thukuta, kunjenjemera ndi kuonda, kapena mosiyana ndi zimenezo, kufooka, kumva kuzizira kwambiri, kudzimbidwa ndi kutupikana nkhope. Chinacho n'chosowa koma chachikulu. Mayi amene anataya magazi ochuluka zedi pobereka, mkaka wake osabwera n'komwe, msambo osabwerera, tsitsi la m'khwapa ndi la kumaso likutha, ali wofooka nthawi zonse, ameneyo kachiwalo kena ka m'mutu kolamulira michere ya thupi kangakhale katawonongeka, ndipo akufunika dokotala, osati phala lokha. Kuyeza kuchuluka kwa magazi kumachitika m'zipatala zathu monga Mponela, Mtengowanthenga, Madisi, Dowa ndi Ntchisi, koma zoyeza chithokomiro ndi matenda ovuta a pakhungu mwina adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Popita kumeneko tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa. Mankhwala ena a khunyu, a kuthamanga kwa magazi ndi ochepetsa kuundana kwa magazi amatha kuthothola tsitsi, ndipo kuyamba, kusintha kapena kusiya njira ya kulera ya mapiritsi kapena jakisoni nakonso kumatero mwa amayi ena. Musasiye mankhwala aliwonse panokha, makamaka a khunyu ndi ma ARV. Kambiranani ndi amene anakupatsani.

Ndatchula ma ARV, ndiye ndinene zomwe mayi uja ankatanthauza ponena za mmene bambo akunyumba ankamuyang'anira. Tonse amene tinakhalapo m'zaka zovuta zija tikukumbukira kuti tsitsi lonyololoka linali chimodzi mwa zomwe anthu ankalozerana nazo m'mudzi. Mantha amenewo sanathe. Koma HIV siyezedwa ndi maso, ndipo mutu wopepuka wa mayi wa mwana wa miyezi inayi suuza munthu kalikonse za magazi ake. Mayi woyamwitsa amayenera kuyezetsanso ndithu, tsitsi likugwa kapena ayi, pofuna kuteteza mwana. Ndinamupempha kuti abwere ndi mwamuna wake. Anabwera sabata yotsatira, anayezetsa onse awiri, ndipo ndinawerenga nawo miyezi ija pa zala monga ndinachitira ndi mkazi wawo. Bamboyo anangoti, “Ndiye bwanji sanatiuze pomutulutsa m'chipatala?” Funso limenelo linandilasa, pakuti ife azamba timalangiza za mchombo, bere ndi kulera, koma za tsitsi timaiwala. Kuyambira pamenepo ophunzira anga ndimawauza kuti azinena pa sikelo ya masabata asanu ndi limodzi, lisanayambe kugwa.

Mayi uja tsitsi linagwa kwambiri mu Julaye ndi Ogasiti monga tinanenera. Mu Seputembala magazi ake anali atafika 12, ndipo anapitiriza mapiritsi mpaka kumapeto kwa chaka. Chipeso chinayamba kupepuka mu Okutobala. Ndinakumana nayenso mu Disembala atabwera ndi mwana ku katemera wa chikuku, mvula ikugwa. Anakankhira duku m'mbuyo n'kundionetsa pamphumi: timatsitsi tatsopano tinali titaimirira mzere wonse, totalika ngati kamtengo ka machesi tikakokedwa. M'mbali munali mukadali mopepuka, ndipo anafunsa ngati angamange meshi ya Khirisimasi. Ndinamuuza kuti adikire mpaka Pasaka, ndipo ngakhale pamenepo womangayo asakhudze tatsopanoto.